Mbewa ya Kompyuta kwa Ogwiritsa Ntchito Dzanja Lamanzere

Mayi athu a ku Balaka mwalemba kuti mumagwira mbewa ndi dzanja lamanzere, ndipo chala chikumakupwetekani. Pepani mayi, koma musalikakamize dzanjalo, sinthani makinawo.

Pa Windows, tsegulani Control Panel, musankhe Mouse. Pagawo la Buttons chongani palembedwa Switch primary and secondary buttons. Kuyambira pomwepo batani lakumanja ndi limene lizisankha ndi kutsegula zinthu, ndiye kuti chala chanu chamkombaphala chagwera pamalo pake. Chenjerani apa: kusinthaku kumayamba mukangochonga, choncho OK mumudine ndi batani lakumanja. Ambiri amakakamira lakumanzere nkumaganiza kuti mbewa yafa.

Mwatinso mukadina kawiri chikalata sichitseguka, m'malo mwake dzina lake limafuna kusinthidwa. Kompyuta ikuona ngati mwadina kamodzikamodzi chifukwa mukuchedwerapo pang'ono. Pansi pa gawo lomwelo la Buttons pali Double-click speed. Kokerani kachizindikiroko cha ku Slow, kenako yeserani pa kafoda kali pambalipo mpaka kazitseguka mosavuta.

Kamuvi kakamathamanga kwambiri, kachepetseni liwiro pa Pointer Options. Ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito ndi ena, aliyense akhale ndi akaunti yake, chifukwa zosinthazi zimatsata akaunti.