Kwa kalaliki watsopano wa pa esiteti: konzani ndandanda yoti izidzilondera yokha

Inu amene mwangolembedwa ukalaliki m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu, dziwani kuti fodya wa fuluu akalowa m'balani, moto wake suzima kwa pafupifupi sabata, usana ndi usiku. Wosonkhezera moto akasowa usiku umodzi, kutentha kumatsika, tsamba limada, ndipo mtengo wake mudzaulira ku msika wa Chinkhoma. Kawirikawiri palibe amene wathawa ntchito. Kalaliki ndiye analemba munthu mmodzi pa mabalani awiri nthawi imodzi.

Tiyerekeze kuti muli ndi mabalani anayi, lililonse lofuna anthu awiri, ndipo tsiku mwaligawa mashifiti atatu a maola 8. Mu Excel, mzere uliwonse ukhale shifiti imodzi. Mzere woyamba ndi wa mitu, ndiye sabata idzaza mizere 21, kuyambira 2 mpaka 22. Danga A likhale la tsiku, B la shifiti, C mpaka J la maina, awiriawiri pa balani. Mu K lembani chiwerengero cha anthu ofunika pa shifitiyo, poti balani lina likakhala lopanda fodya, chimatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6.

Sankhani C2:J22, pitani pa Conditional Formatting, New Rule, kenako Use a formula to determine which cells to format. Lembani ichi, mupereke mtundu wofiira:

```
=AND(C2<>"",COUNTIF($C2:$J2,C2)>1)
```

Lamuloli limafunsa kabokosi kalikonse kuti dzina lili m'menemo lapezeka kangati mumzere wake womwewo. Samalani ndi zizindikiro za dola. Dola ili patsogolo pa C ndi J kuti kusaka kusachoke m'madanga a maina, koma pa 2 palibe, kuti lamulo lizitsika mzere ndi mzere. Mukalemba $C$2:$J$2, mizere yonse iziyang'ana Lolemba m'mawa basi. Mudzazindikira poona kuti dzina lolembedwa kawiri Lachisanu silikufiira.

Za kuperewera kwa anthu, sankhani A2:B22, mtundu ukhale wachikasu:

```
=COUNTA($C2:$J2)<$K2
```

Tsopano onani mzere 10, womwe ndi Lachitatu usiku. K10 ikuti 8. Mwalemba Phiri 07 mu D10, balani loyamba, mwamulembanso mu G10, balani lachitatu. Timabokosi tiwirito tifiira, koma chikasu sichioneka, chifukwa COUNTA imawerenga timabokosi todzaza, osati anthu. Maina alipo 8, anthu 7. Mukafufuta G10 m'pamene A10 ndi B10 zisanduka zachikasu. Choncho muziyamba kuthetsa zofiira, muone zachikasu pambuyo. Ndiponso pamalo popanda munthu pazikhala popanda kanthu. Kamzere kapena mawu oti "wadwala" COUNTA imawatenga ngati wantchito.

Mwaona kuti ndalemba nambala pa dzina. Kuno a Phiri, a Banda ndi a Mwale amakhala angapo pa esiteti imodzi, ndiye popanda nambala lamulo lizifiira pa anthu awiri osiyana. Vuto loopsa ndi lina ili: "Phiri 07" ndi "Phili 07", kapena dzina lokhala ndi kampata kosaoneka kumapeto, kwa kompyuta ndi anthu awiri, ndipo imangokhala chete. Lembani maina onse kamodzi pa tsamba lina, kenako ikani Data Validation ya List pa C2:J22, kuti dzina muzisankha, musamalitayipe.

Akapitawo adzakufunsaninso za munthu amene wachezera usiku n'kumuikanso m'mawa. Poti mizere yatsatana monga nthawi, sankhani C3:J22 ndi kulemba:

```
=AND(C3<>"",COUNTIF($C2:$J2,C3)>0)
```

Ili likuyang'ana mzere wa pamwamba. Silingaone malire a masabata awiri, choncho Lamulungu usiku ndi Lolemba m'mawa muzifananitsa ndi maso.

Ngati Excel ikukana fomula yolondola, makamaka pa laputopu yochokera ku Joni, yesani kuika chizindikiro cha ; m'malo mwa koma. Posuntha maina musamadule ndi kumata wamba, chifukwa kutero kumang'amba malamulo mpaka timabokosi tina n'kutsala opanda mlonda. Koperani, kenako gwiritsani ntchito Paste Special, Values. Lolemba lililonse, musanapachike pepala pa shedi, lembani dala dzina limodzi kawiri mumzere 22. Likapanda kufiira, tsegulani Manage Rules muone ngati Applies to ikadali kufika pa J22.