Kuona mtundu wa tsitsi pa foni musanadaye: mafunso ndi mayankho

Kodi foni imasintha bwanji mtundu wa tsitsi pa selefi?

Pulogalamu imayamba ndi kupeza malire a tsitsi, n'kulipatula ku nkhope, makutu ndi khoma lakumbuyo. Ikatero imasunga kuwala ndi mthunzi momwe zilili pa chithunzi, n'kupakapo mtundu womwe mwasankha. Imodzi mwa mapulogalamu otere idatulutsidwa ndi dzina loti Style My Hair ndi kampani ya L'Oréal, yomwe mu 2018 idagula ModiFace, kampani ya ku Toronto yodziwika ndi luso limeneli.

Nanga bwanji tsitsi lathu lakuda limavuta?

Tsitsi lakuda bii limaoneka ngati chinthu chimodzi pa chithunzi, moti kamera siigwira bwino tsitsi limodzilimodzi. Mukapempha mtundu woyererako, pulogalamu imasowa poyambira, ndiye zina imangopeka. Chizindikiro chake muchione m'mphepete. Pa tsitsi lopotana, mtundu umatayikira pachipumi kapena pakhoma, mwinanso timatsitsi tapamphumi timatsala takuda. Mukaona tsitsi lanu lasalala ndi kunyezimira kuposa momwe mumalidziwira, dziwani kuti zimenezo ndi za pulogalamu.

Selefi yotumiza ku saluni ndijambule bwanji?

Imani moyang'ana windo masana, tsitsi lili louma, lopanda mafuta ambiri, ndipo muzimitse zokongoletsa nkhope za pa foni. Ku Birmingham mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho musadikire kuweruka kuntchito. Magetsi achikasu a m'nyumba amafiiritsa tsitsi. Gwirani pepala loyera pambali pa tsaya: likatuluka lachikasu pa chithunzi, jambulaninso.

Pa foni mtundu wa uchi wandikhala bwino. Wa ku saluni akukana chifukwa chiyani?

Tiyerekeze mayi wa ku Handsworth, mu mzinda wa Birmingham, amene amaika rilakisa, ndipo miyezi 6 yapitayo adadaya tsitsi lake ndi dayi wakuda wogula m'sitolo. Odaya tsitsi amawerenga kuda kwake pa masitepe 10: 1 ndi lakuda bii, 10 ndi loyera kwambiri. Mayiyu ali cha pa 2, pomwe mtundu wa uchi uli cha pa 7 kapena 8. Ayenera kukwera masitepe 5 kapena 6.

Dayi wamba wosakaniza ndi perokisaidi wa 6 kapena 9 peresenti amakweza tsitsi masitepe awiri kapena atatu basi, ndiponso pokhapokha ngati silidadayidwepo. Dayi sachotsa dayi mnzake. Pamenepa pafunika bulichi, ndipo tsitsi lakuda likamayera limadutsa kaye pofiira, kenako pa mtundu wa lalanje, chikasu n'kubwera pomaliza. Foni imalumpha ulendo wonsewu.

Pali chinanso chomwe selefi siingaonetse. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kotero mayiyu ali ndi masentimita pafupifupi 6 akumizu opanda dayi. Gawo limenelo liyera msanga, makamaka pafupi ndi khungu pomwe pali potentha, koma kunsonga, komwe kuli dayi wakale, kukakamira pofiira. Mutu umodzi utuluka ndi mitundu iwiri kapena itatu. Choopsa koposa n'chakuti rilakisa adafooketsa kale tsitsilo, ndipo bulichi akabwera pamwamba pake likhoza kuthothoka. Wodaya amene wakana kuchita zonsezi tsiku limodzi akukufunirani zabwino, ndipo ine ndingamukhulupirire kuposa wovomera msanga.

Ndiye ndingadziwe bwanji mtundu womwe ungatulukedi?

Pemphani kuti ayese pa katsitsi kochepa kakunkhongo. Amakapaka mankhwala omwe akufuna kupaka mutu wonse, n'kuona kuti kafika sitepe iti pa nthawi yake. Akakatsuka amakakoka pang'ono kali konyowa: kakatamuka ngati chingamu kapena kuduka, ntchito iime. Muwauze chilichonse chomwe chidapakidwapo m'mutu mwanu, hena ndi dayi wa m'bokosi yemwe, musabise.

Palinso kuyesa khungu, komwe masaluni ambiri ku England amachita maola 48 tsiku lodaya lisanafike. Amapaka kadayi pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono. Dayi wambiri wakuda amakhala ndi mankhwala a PPD, omwe ena amatupa nawo nkhope ndi zikope. Pakayabwa, pakafiira kapena kutupa, musadaye.

Kodi chithunzi cha pa foni chilibe ntchito?

Chili nayo. Chimakuthandizani kuona ngati mtundu ukugwirizana ndi khungu lanu, komanso kuti inu ndi wodaya muzinena chinthu chimodzi mukati "bulauni". Chimanena zoona kwambiri mukamadetsa tsitsi kuposa mukamaliyeretsa. Ngati mtima uli pa mtundu wa uchi koma tsitsi lakana, masitolo a tsitsi a ku Handsworth ndi ku Erdington amagulitsa meshi ndi mawigi a nambala 27, womwe ndi mtundu umenewo, ndi 30 wofiirirako. Tulukani ndi paketiyo pakhomo la sitolo ngati alola, muyiyandikize patsaya padzuwa musanalipire.