Pakhonde pa Azakhali: Kuthokoza mabwana si kulira maliro

Azakhali,

Ndine mtsikana wa ku Linthipe 1, ndili ndi dipuloma ya zaulimi ya ku NRC. Dzulo ndinali ku Lilongwe ku intavyu ya bungwe lina lomwe si la boma. Akufuna mlangizi wa makalabu a alimi a mtedza ndi soya kuno ku Dedza. Ofunsa anali atatu. Mayi mmodzi anati vuto lawo lalikulu n'lakuti ogula akumabweza mtedza wa makalabu chifukwa cha chuku, ndipo anandifunsa chomwe ndingachite. Mutu unaima, Azakhali. Ndinangoti "kuumitsa bwino" n'kukhala duu, chonsecho nkhani imeneyi ndinaiphunzitsapo alimi ndili pa atachimenti ku EPA ya Linthipe. Anati zotsatira zituluka pakatha masabata awiri.

Mnzanga akuti ndiwatumizire imelo yothokoza. Ndalemba kuti: "Mabwana anga, ndagwada, ndichitireni chifundo. Ndine woyamba kubadwa ndipo abale anga onse maso ali pa ine. Ntchito iliyonse ndigwira ngakhale yosesa, malipiro alionse ndilandira. Mulungu akhudze mitima yanu." Nambala ya bambo omwe amatsogolera intavyuyo ndaipezanso kwa msuweni wanga. Nditumize pa imelo kapena pa WhatsApp?

Wosowa tulo, Linthipe 1

Mwana wa achimwene anga,

Chotsa chala pafonipo. Ndawerenga kalata yakoyo mpaka ndafunsa anzanga kuti maliro ake ndi a ndani, tikasonkhe ufa ndi nkhuni. Unapita ku NRC zaka zonsezo kuti ukapemphe tsache? Nanga tsikulo atakupatsadi tsachelo, ubwera kudzandilirira pano?

Mnzakoyo sanakunamize, imelo yothokoza ndi yabwino. Pomwe wasochera ndi pa mwini nkhani. Iwe walemba za mavuto ako, pomwe anthu aja akufuna wowachotsera mavuto awo. Aliyense amene anakhala pabenchi lija podikira kuitanidwa ali ndi abale omuyang'ana, ndiye umphawi sukusiyanitsa ndi wina aliyense. Chokusiyanitsa n'chakuti mayi aja anakuuza pakamwa poyera chomwe chikuwasowetsa tulo, chuku, ndipo iwe yankho lake uli nalo m'mutu, linangokana kutuluka tsikulo. Imeloyo ntchito yake ndi imeneyo: kuwakumbutsa vuto lawo, n'kuwaonetsa kuti mwana wa ku Linthipe uja akulidziwa.

Ndiye palinso mawu akuti "malipiro alionse". Iwe unakulira m'mbali mwa M1. Wogulitsa tomato amene amathamangira minibasi akukuwa kuti "ingotengani, perekani iliyonse" umadziwa mtengo womwe amagulitsira, ndipo ogula ena amayamba kukayika kuti kapena tomatoyo ndi wowola pansi. Ukalemba zimenezo, tsiku lokambirana malipiro adzakutulutsira imelo yako yomwe. Nkhani ya ndalama usaitchule n'komwe. Idzabwera yokha akadzakuitana.

Imelo yabwino ndi yaifupi, yoti munthu aiwerenge yonse pafoni asanatsitse chala kawiri. Uyambe ndi kuthokoza kamodzi kokha, utchule udindo ndi tsiku, chifukwa anthu aja anafunsa ambiri ndipo mwina maudindo ake anali angapo. Kenako utenge chinthu chimodzi chomwe iwo ananena, uchilumikize ndi chinthu chimodzi chomwe iwe unachitapo ndi manja ako. Chimodzi, mwanawe, osati kubwereza CV yonse; ali nayo kale. Utsirize ndi kunena kuti ntchitoyo ukuifunadi ndipo ukudikira tsiku lomwe ananena. Ndikulembera m'Chichewa, Chingerezicho uika wekha popeza fizi tinalipira:

"Okondedwa Mayi Uje, zikomo pondipatsa mpata wokumana nanu Lachitatu pa intavyu ya udindo wa mlangizi wa makalabu ku Dedza. Nkhani ya mtedza womwe ogula akumabweza chifukwa cha chuku ndakhala ndikuiganizirabe, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa yankho langa. Ndili pa atachimenti ku EPA ya Linthipe, tinkaphunzitsa alimi kukumba mtedza pa nthawi yake, kusauyanika padothi, kusiya kuuwaza madzi pofuna kufewetsa makoko asanaswe, komanso kusankha wonyala ndi wowola usanalowe m'thumba. Ndingakonde kuyambira pamenepo ndi makalabu anu nyengo yokolola isanafike. Zomwe tinakambirana zandiwonjezera chidwi pa ntchitoyi. Chonde mundithokozere kwa anzanu awiri aja, ndipo ndidikira kumva kwa inu pa tsiku lomwe munanena."

Pansi pake dzina lako lonse monga lilili pa satifiketi, ndi nambala yako ya foni. Basi.

Taona zomwe zachitika pamenepo. Funso lomwe linakugwetsa lija waliyankha popanda kupepesa. Sunati "pepani ndinanjenjemera", chifukwa ukatero ukuwakumbutsa kunjenjemerako, pomwe mwina iwo anaiwala kale. Wangoti "ndikufuna kuwonjezera". Ndipo zomwe wawonjezerazo si za m'buku chabe. Munthu amene amadziwa kuti alimi amawaza madzi mtedza madzulo kuti m'mawa usweke mosavuta, ndi kuti chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku, ndi munthu amene anakhalapo pamkeka ndi alimi. Mayi aja akawerenga aona mlangizi ali kale pantchito. Koma ndikuchenjeze: ulembe zokhazo zomwe unachitadi. Ngati pa atachimenti unkangonyamula chikwama cha alangizi, usadzipatse ufumu. Mabungwe amaimbira foni anthu omwe unawalemba kuti angakuikire umboni, ndipo ku EPA anthu amadziwana.

Usanatumize, iyese motere. Werenga chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti bungwelo likupindulapo chiyani. Chomwe chikungonena za njala yako, fufuta. Kenako chotsa dzina la bungwelo m'maganizo mwako: ngati imelo yomweyo ingathe kupita kubanki, kusukulu kapena kufilingi siteshoni osasintha kanthu, ndiye kuti mulibe kalikonse. Pomaliza werenga kuti "chonde" alimo angati. Mmodzi ndi ulemu. Akafika anayi, wagwadanso.

Tsopano nambala ya bambo aja. Msuweni wakoyo umuthokoze, koma nambalayo ifufute lero lomwe. Sanakupatse ndi iwo. Mtsikana wolemba pa WhatsApp usiku kwa bambo amene ali ndi mphamvu pa ntchito yake akudziika pamalo awiri oipa. Bambo olongosoka aganiza kuti ukufuna kulowera kukhomo lakuseri ndipo akuchotsa pamndandanda. Bambo osalongosoka akuyankha mwachangu, koma zomwe adzafune sizikhudzana ndi mtedza. Njira yake ndi yomwe anakuitanira. Tsegula imelo yokuitana ku intavyu ija, dina Reply, kuti uthenga wako ukhale pansi pa wawo ndipo asavutike kukukumbukira. Usadine Reply All: ngati anaitana nonse pa imelo imodzi, yankho lako la chuku ukhala wagawira opikisana nawo onse kwaulere. Ngati imeloyo inachokera kwa olemba anthu ntchito osati kwa mayi aja, lembera amene anakuitanayo, um'pemphe apereke uthengawo kwa omwe anakufunsa. Dzina la munthu ulikopere monga lalembedwera. Ngati sunalimve bwino, lembera gulu lonse kusiyana ndi kubatiza mayi wa eni dzina lachilendo.

Nthawi yake ndi lero, m'maola a ntchito, tsiku limodzi lisanadutse kwenikweni. Ofunsa ambiri amaphatikiza malikisi n'kukambirana zinthu zikadali zotentha, ndiye imelo yofika sabata yamawa ipeza lipoti atalemba kale. Intavyu ikakhala ya Lachisanu, tumiza madzulo omwewo asanaweruke kapena Lolemba m'mamawa. Osati 11 koloko usiku ngati chibwenzi. Foni yako iyang'anitsitse, chifukwa imakonda kusintha mawu payokha, ndipo Linthipe ikhoza kusanduka mzinda wina usakudziwa. Ukatumiza, lowa mu Sent uone ngati yapitadi. Netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha, imelo imagona mu Outbox iwe uli kuvina kuti watumiza. Ndipo ngati adiresi yako ikadali ija unatsegula uli Fomu 3, ya dzina lachibwana ndi manambala a tsiku lobadwa, intavyu ino ipitirire momwemo kuti asasokonezeke, koma utsegule ina ya dzina lako lenileni ya mafomu a m'tsogolo.

Ndisakunamize, imelo siilemba munthu ntchito. Ngati wina anakuposa kutali, wakuposa. Imathandiza pomwe awiri mwatsala pang'ono kufanana ndipo ofunsa akukanda mutu. Palinso malo omwe siifunika. Ntchito za boma zodzera ku Civil Service Commission kapena Local Government Service Commission zimayenda ndi malikisi a gulu lofunsa, ndipo kusakasaka mmodzi wa iwo payekha kumaoneka ngati kunyengerera. Ngakhale mabungwe ena amalemba pansi pa chilengezo cha ntchito kuti wopezeka akunyengerera achotsedwa. Bwerera ukawerenge chilengezo chako. Ngati mawuwo alipo, lemba mizere iwiri yokha yothokoza ku adiresi ya ofesi, nkhani ya chuku uisunge ya intavyu yachiwiri.

Ukatumiza, khala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asayankhe, si chipongwe. Ambiri sayankha maimelo otere pofuna kuti asaoneke okondera. Anati masabata awiri. Akatha, onjezera masiku awiri kapena atatu a ntchito, kenako ufunse kamodzi, chiganizo chimodzi, ngati pali chatsopano pa udindo uja. Osaflasha, osatumiza vesi la m'mawa uliwonse, osatuma amalume ako kuti "akangodutsako". Ndipo wina akakuimbira kuti dzina lako latuluka koma utumize kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money kuti fayilo iyende, ameneyo ndi wakuba. Dula foni, udziwitse bungwelo kudzera pa imelo yomwe ija.

Pemphero lija ndi labwino, koma ukalipereke kwa Mwini wake, osati kwa a HR. M'masabata awiriwa pitiriza kuponya makalata kwina. Ndipo ngati sudziwa kuyendetsa njinga yamoto, yamba kuphunzira, chifukwa mlangizi wa ku Dedza sayendera makalabu pa minibasi, ndipo funso limenelo likukudikira.

Malipiro oyamba akatuluka, ine saizi yanga ya chitenje ndi mamita anayi. Usadzati sunamve.

Azakhali ako