Zochitika mabuku atatsekedwa kale

Funso: Ndine msungichuma wa kopaletivi kuno kwa Msakambewa. Tinatseka mabuku pa 30 Seputembala 2023, koma komiti isanawasainire, bizinesi ya munthu amene anatenga soya wathu pangongole inagwa, ndipo mu Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kodi tisinthe ziwerengero?

Yankho: Bambo, lamulo la IAS 10 limafunsa ngati vutolo linalipo kale pa tsiku lotseka mabuku. Popeza kugwa kwa wogulayo kwangoulula kuti ngongoleyo inali itafa kale, ichepetseni m'mabuku a chaka chathacho kufikira pa ndalama zimene mungathe kulandira. Koma za kwacha, poti zinadza chaka chitatha, musasinthe nazo chiwerengero chilichonse, ingozilongosolani m'mawu ofotokozera, pamodzi ndi ndalama zimene mukuyembekeza kutaya, ngati zili zochuluka.