Tebulo likadutsa tsamba limodzi mu Word

Tiyerekeze kuti mwalemba zotsatira za mayeso a ana 60 mu Microsoft Word. Mzere woyamba wa tebulo uli ndi mitu: dzina, masamu, Chichewa, ndemanga. Posindikiza mukupeza kuti ndemanga ya mwana wa nambala 28 yaduka pakati, theka latsala m'munsi mwa tsamba loyamba, theka lina lapita patsamba lachiwiri lopanda dzina. Komanso patsamba lachiwirilo mitu palibe, moti kholo silingadziwe ngati 54 ndi ya masamu kapena ya Chichewa.

Yambani ndi mzere wodukawo. Sankhani tebulo lonse podina kabokosi kamene kamaoneka pangodya yakumanzere, pamwamba pa tebulo. Dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Table Properties, kenako Row, ndipo muchotse chizindikiro pa Allow row to break across pages. Tsopano mzere umene sukukwana udzasamuka wathunthu. Chenjerani ndi mizere yaitali kwambiri: umene uli ndi ndime zingapo ukasamuka umasiya malo aakulu opanda kanthu, choncho wotero ndi bwino kuulola kuti uduke.

Za mitu, ikani kasa mumzere woyamba wokha, mubwerere pa Row pomwepo, muchonge Repeat as header row at the top of each page. Mawu akuti "wokha" ndi ofunika. Ambiri amachonga tebulo lonse likadali losankhidwa, ndiye mizere yonse imasanduka mitu ndipo palibe chimene chimabwerezedwa. Mitu ikakhala ya mizere iwiri sankhani yonse iwiri, koma woyamba usatsale.

Nanga mwachonga bwino koma mitu osabwera? Apa ndi pamene anthu amataya mtima n'kuyamba kulemba mituyo pamanja, zimene ine sindivomereza ngakhale pang'ono, chifukwa mukangowonjezera mwana mmodzi mitu yolembedwayo imapezeka pakati pa tsamba. Onani kaye pa Table Properties, gawo la Table. Ngati Text wrapping ili pa Around, ibwezereni pa None. Kawirikawiri imasintha yokha munthu akakoka tebulo ndi mausi, iye osadziwa.

Chifukwa china ndi Ctrl+Enter. Mukadina zimenezi m'kati mwa tebulo, Word imalidula kukhala matebulo awiri, ndipo lachiwirilo lilibe mitu yake. Dinani chizindikiro cha ¶ pa Home, mudzaona mawu oti Page Break pakati pa matebulowo. Afufuteni pamodzi ndi mzere wopanda kanthu umene watsala, matebulo alumikizane. Ngati mukufunadi kuti mzere wina uyambe tsamba latsopano, ikani kasa m'menemo, mutsegule Paragraph, kenako Line and Page Breaks, muchonge Page break before. Tebulo limakhalabe limodzi ndipo mitu imatsatira.

Musanasindikize, onani ntchito yanu mu Print Layout, chifukwa mu Draft ndi mu Web Layout mitu yobwerezedwa sioneka.