Ndili ndi K450,000 ndi ngongole zisanu, ndiyambire pati?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mchinji. Chaka chino soya wandikomera, ndagulitsa ndipo ndili ndi K450,000 m'manja. Mnzanga wa kuntchito akundilimbikitsa kuti ndigule masheya, akuti ndalama zake zikuswana iye ali khale. Nanenso ndikufuna ndiyambe kuika ndalama penapake poti zizikula.

Koma ndili ndi ngongole, ndipo zikundisowetsa tulo. Mwana atadwala ndinatenga K100,000 ya katapila, mwini wake amatenga K50,000 mwezi uliwonse ndipo khadi langa la kubanki ali nalo ndi iyeyo. Kubanki m'khonde ndinatenga K150,000 pa 20 peresenti pamwezi. Pa foni pali K40,000, yobweza K44,000 pakatha masiku 30, ndipo ndikangobweza ndimatenganso. Ku SACCO kwatsala K800,000, amadula kumalipiro, chiwongola dzanja chake ndi 3 peresenti pamwezi. Alamu anga anandibwereka K100,000 yopanda chiwongola dzanja, sanenapo kanthu koma ndimachita manyazi tikakumana. Ndigule masheyawo, kapena ndigawire onse pang'onopang'ono?

Wothedwa nzeru, Mchinji

Achemwali anga,

Masheyawo ayambe adikira, ndipo kugawira aliyense pang'onopang'ono ndiye musayerekeze n'komwe. Mukatero K450,000 yonse ithera m'chiwongola dzanja, ngongole zenizenizo zili chikhalire.

Tengani kope ndi cholembera, tiwerengere limodzi zimene ngongole iliyonse ikukudyerani pamwezi. Wakatapila akudya K50,000. Banki m'khonde K30,000. Foni K4,000. Zitatu zokhazi ndi K84,000 mwezi ndi mwezi, ndipo palibe ngakhale tambala imene ikuchepetsa zomwe munakongola. Tsopano tiyerekeze kuti K450,000 ija mwaiika pamalo abwino ndithu, pamene ikupindula 25 peresenti pachaka. Phindu lake ndi K112,500 chaka chonse, pamwezi silifika n'komwe K10,000. Mukhala mukulandira K10,000 ndi dzanja ili, dzanja linalo likupereka K84,000. Kuli ngati kuthira chimanga chatsopano m'thumba lomwe muli kale anankafumbwe.

Musanyengeke ndi kukula kwa ngongole. Ya SACCO ndi imene ikuoneka yoopsa chifukwa ndi K800,000, koma ndi yofatsa pa zonse zachiwongola dzanja: K3 pa K100 iliyonse pamwezi. Wakatapila akutenga K50 pa K100 iliyonse, kutanthauza 600 peresenti pachaka. Kuti muone kulusa kwake, mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo chimenecho chinali cha chaka chathunthu. Ndiye poyerekeza ngongole, funso likhale limodzi: pa K100 iliyonse, iyi ikundidyera zingati pamwezi?

Choyamba kufa ndi katapila. Konzani K150,000, ndiye kuti K100,000 imene munatenga ndi K50,000 ya mwezi uno. Musapite nokha. Tengani munthu wamkulu amene wakatapilayo angamuchitire manyazi, kaya amfumu, kaya mkulu wa mpingo, ndalama ziwerengedwe pamaso pake, ndipo wakatapilayo alembe ndi kusayina kuti ngongole yatha. Khadi lanu mubwerere nalo tsiku lomwelo, ndipo musanafike kunyumba mukasinthe nambala yachinsinsi. Anthu amenewa sakonda kubwezeredwa zonse, chifukwa kasitomala ngati inu ndiye munda wawo. Mudzamva mawu okoma akuti "ingoperekani ya mwezi uno amayi, inayo musadandaule nayo." Mukanitsitse. Ngati mwalipira kale miyezi ingapo, muuzeni mboni yanu ikupemphereni kuti K50,000 yomalizayi ichotsedweko, nthawi zina amavomera akaona ndalama yonse ili poteropo.

Yachiwiri ndi ya pa foni, K44,000. Mwina mudabwa, poti chiwongola dzanja chake ndi chochepa poyerekeza ndi cha banki m'khonde. Ndaiika patsogolo chifukwa ndi yaing'ono, ili ndi tsiku lake losasuntha, ndipo siimva kupepesa. Mukachedwa pamabwera chindapusa, ndalama imene wina wakutumizirani imatha kudulidwa musanaigwire, komanso dzina lanu likhoza kukalembedwa kumabungwe osunga mbiri ya okongola, monga Credit Data, kumene mabanki amakafufuza munthu asanamukongoze. Koma vuto lenileni mwalitchula nokha: mukabweza mumatenganso. K4,000 imaoneka yochepa, koma miyezi 12 ndi K48,000, kuposa K40,000 imene mukungoizunguzayo. Mukabweza ulendo uno, uthenga ukabwera wokuyamikirani kuti tsopano mutha kukongola zochulukirapo, muufufute.

Kenako banki m'khonde, K180,000 pamodzi ndi chiwongola dzanja cha mwezi uno. Pano amayi ambiri amadzitonthoza kuti "chiwongola dzanjacho ndi chathu chomwe, tidzagawana mu Disembala." Zoona, koma mudzagawana molingana ndi masheya a aliyense m'gulumo. Ngati muli anthu 20 oponya mofanana, pa K30,000 imene mukupereka pamwezi yobwerera kwa inu ndi K1,500 yokha, yotsalayo mukulemeretsa anzanu. Gululo musatulukemo, ndi labwino posunga. Ngati lamulo lanu limakakamiza aliyense kukongola, tengani yochepetsetsa imene amalola ndi kubweza mwezi womwewo.

Zitatuzi zikwana K374,000, mutsala ndi K76,000.

Pa yotsalayi ndikupemphani chinthu chimene chimavuta: K50,000 muisunge osaikhudza, pamalo poti mutha kuitenga tsiku lomwelo. Chinakupititsani kwa wakatapila ndi matenda a mwana, ndipo matenda adzabweranso. Mukadzapezeka mulibe kalikonse m'manja, mudzagogodanso pakhomo lomwelo, ntchito yonseyi n'kupita pachabe.

K26,000 mupite nayo kwa alamu anu. Pa masamu okha ngongole yawo ndi yomalizira, poti siikula. Koma chibale chimaonongeka ndi kukhala chete, ndipo manyazi amene mukunenawo akusonyeza kuti nthawi yoyankhula yakwana. Auzeni zoona, kuti munali m'manja mwa katapila ndipo mwatulukamo, ndipo yotsala K74,000 mumaliza m'miyezi iwiri kapena itatu. Mutha kukwanitsa, chifukwa K84,000 ija tsopano izitsala m'thumba mwanu.

Ya SACCO isiyeni iziyenda monga ikuyendera. Amadula okha, simungaphonye, ndipo mmene zinthu zikukwerera mitengo, K800,000 yobweza pang'onopang'ono ikunka ipepuka. Mukadzafuna kuifupikitsa, mukafunse kaye ku ofesi yawo ngati chiwongola dzanja amawerengera pa ndalama yotsala kapena pa yonse imene munatenga poyamba, komanso ngati pali chindapusa chobwezera msanga. Ngati amawerengera pa yotsala, kuwonjezera K20,000 pamwezi kumakupulumutsirani ndalama yooneka. Ngati ndi pa yonse ndipo sachotserako kanthu, kuthamanga kulibe phindu.

Za masheya, mnzanuyo sakunama kuti ena apindula nawo pa Malawi Stock Exchange. Koma mitengo yake imakwera ndi kutsika, ndipo si ndalama yoti mungaidalire mwezi wamawa. Mukamaliza ya alamu, ndipo ndalama ya padzidzidzi ija ikafika pokwana kudyetsa banja mwezi wathunthu, pitani kwa broka wovomerezeka ndi Reserve Bank, osati kupatsira mnzanu kuti akugulireni m'dzina lake. Mukatsata ndondomekoyi mwezi uno, soya wa chaka chamawa asanakhwime mudzakhala mutayamba kugula, ndi ndalama yomwe lero ikupita kwa wakatapila.

Azakhali anu