Ndidziwike ndi Ntchito Iti? Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Kumagwira Ntchito Paokha

Munthu amene wasankha kumagwira ntchito payekha, n'kumalipidwa pa ntchito iliyonse imene wamaliza osati malipiro a pamwezi, ayenera kuyamba waganiza za ntchito imene anthu azimudziwa nayo. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza mmene mungaipezere. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chongoyerekeza cha mayi wina wa ku Zomba amene kale ankalembedwa ganyu yofunsa anthu mafunso pa kafukufuku wa m'midzi.

Kodi kusankha gawo limodzi la ntchito n'kutani kwenikweni?

Ndiko kutchula zinthu zitatu momveka bwino: ntchito imene mumagwira, anthu amene mumawagwirira, ndiponso chimene amalandira mukamaliza. Mukati "ndimadziwa za kompyuta" simunasankhe kalikonse, chifukwa womva sangadziwe chimene angakutumeni. Koma mukati "ndimamvetsera zokambirana za kafukufuku zojambulidwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, n'kuzilemba ndi kuzimasulira m'Chingerezi", wochita kafukufuku adziwa pomwepo ngati ndinu munthu amene akumufuna.

Bwanji osangolandira ntchito iliyonse imene yabwera?

Poyamba mungathe kulandira kuti mupeze ya ndiwo, koma musadzilengeze ngati wodziwa zonse. Kasitomala akaona kuti mumajambula maposita, mumalemba makalata, mumakonza mafoni ndiponso mumamasulira, amakuyesani woyeserera, ndipo amakupatsani mtengo wa woyeserera. Komanso ntchito iliyonse yatsopano imakudyerani nthawi yophunzira imene palibe amene amakulipirani, pamene ntchito imene mwaibwereza kambiri mumaigwira msanga. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndingadziwe bwanji luso limene ndili nalo kale?

Lembani ntchito zonse zimene munagwirapo m'zaka zitatu zapitazi, kaya zolipidwa kaya zongothandiza kutchalitchi, kumzikiti kapena kugulu la banki mkhonde. Pa ntchito iliyonse lembani chimene manja anu anachita, osati dzina la udindo, monga kulemba maminiti, kuwerengetsa ndalama mu Excel kapena kumasulira pamsonkhano. Kenako fufutani chilichonse chimene mulibe umboni wake, kutanthauza chitsanzo chimene mungaonetse kapena munthu amene angakuchitireni umboni. Mayi wathu atachita zimenezi watsala ndi zitatu: kujambula maposita pa Canva, kulowetsa manambala mu Excel, ndi kulemba zokambirana m'zilankhulo zitatu.

Kodi pamafunika digiri kapena satifiketi?

Zimadalira ntchito yake. Pa kumasulira, kulemba zojambulidwa ndi kujambula maposita, makasitomala ambiri amaona chitsanzo cha ntchito yanu kapena amakupatsani mayeso aafupi. Koma ntchito monga kupereka uphungu wa zamalamulo kapena kusainira kuti mabuku a ndalama a kampani afufuzidwa ndi za anthu okhawo ovomerezedwa ndi mabungwe oyang'anira ntchitozo. Mabungwe akuluakulu akamafuna katswiri wa nthawi yochepa amakondanso kutchula maphunziro m'chilengezo chawo, choncho werengani mbali imeneyo musanataye nthawi kulemba kalata.

Nanga ndingadziwe bwanji zimene anthu amalipiradi?

Werengani zilengezo za ntchito pafupifupi 30 pa masabata atatu kapena anayi, n'kumalemba m'kope ntchito imene ikufunidwa, amene akuifuna ndi mtengo wake ngati autchula. Zilengezo zotere zimapezeka m'nyuzi monga The Nation ndi The Daily Times, pa LinkedIn, pa Upwork, ndipo za omasulira zimapezekanso pa ProZ.com. Mukamafufuza za chilankhulo chathu yesani mayina onse awiri, "Chichewa" ndi "Nyanja", chifukwa malo ena amalemba limodzi lokha. Ntchito imene yabwerezedwa kuchokera kwa anthu osiyanasiyana ndiyo ili ndi msika, pamene imene yaoneka kamodzi kokha ingakhale yamwayi chabe.

Anzanga amati ntchito yanga ndi yabwino. Kodi umenewo si umboni wokwanira?

Ayi, chifukwa kuyamikira sikutulutsa ndalama m'thumba la munthu. Pitani kwa anthu asanu amene angakhale makasitomala enieni, ndipo musawafunse ngati angadzakulembeni ntchito, poti ambiri angovomera mwaulemu. Afunseni za kale: ntchito imeneyi anaipereka liti komaliza, anaigwira ndani, analipira zingati, ndipo n'chiyani sichinawasangalatse. Amene sanalipirepo aliyense pa ntchitoyo n'zokayikitsa kuti adzayambira pa inu.

Kodi wofuna ntchito yanga ndi wolipira si munthu mmodzi?

Nthawi zambiri ndi anthu awiri osiyana. Mwini kagolosale amafunadi posita yokongola, koma ndalama yake imachokera m'thumba lomwelo logulira katundu, ndipo mdzukulu wake angamujambulire yaulere pafoni. Wochita kafukufuku ku Yunivesite ya Malawi kapena kubungwe loona zaumoyo amakhala ataika kale ndalama ya olemba ndi omasulira mubajeti ya kafukufukuyo, ndipo sangayambe kusanthula zimene anthu ananena zisanalembedwe. Funani kasitomala amene ali ndi bajeti, ali ndi tsiku loti amalize, ndipo ntchito yake ingaime popanda inu.

Ndafanizira luso langa ndi msika, ndipo zatsala ziwiri kapena zitatu. Ndisankhe iti?

Iliyonse muifunse mafunso atatu: ndi anthu angati ena amene angaigwire, kasitomala adzaifunanso kapena ndi ya kamodzi, ndipo muli ndi zipangizo zake kapena ayi. Kwa mayi wathu, kulowetsa manambala kwachepa mphamvu, chifukwa kafukufuku wambiri masiku ano amalembedwa pa tabuleti ndi mapulogalamu monga KoboToolbox ndi ODK, moti palibe mapepala ambiri oti munthu adzakopere pambuyo pake. Pa intaneti ntchito yomweyo akalimbirana ndi anthu a m'mayiko ambiri, pamene omva bwino Chiyao cha ku Machinga ndi Mangochi n'kuchilemba m'Chingerezi chomveka ndi ochepa. Ntchito yolemba zokambirana imangofuna laputopu, mahedifoni ndi malo opanda phokoso, zimene ali nazo kale.

Ndingawerengetse bwanji ngati ntchitoyo ingandidyetse?

Yambirani pa ndalama imene mukufuna pamwezi, kuphatikizapo bandulo, magetsi ndi zokonzetsera laputopu. Tiyerekeze kuti mayi wathu akufuna K400,000, ndipo pa masiku 20 amagwira maola 4 olipidwa patsiku, poti nthawi ina imathera kufunafuna ntchito, kulemba makotesheni ndi kulondola malipiro. Ndiye kuti ali ndi maola 80 pamwezi, ndipo ola lililonse liyenera kumubweretsera K5,000. Ngati posita imamutengera maola awiri pamodzi ndi zosintha za kasitomala, koma anthu amangolipira K5,000, ndiye kuti akupeza theka la zimene akufuna.

Nanga pa ntchito yolemba zokambiranayo, masamu ake akutuluka bwanji?

Mawu ojambulidwa kwa ola limodzi amatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti alembedwe, ndipo nthawi imapitirira pamenepo ngati olankhula ndi ambiri kapena anajambulira pamphepo. Tinene kuti kulemba kwamutengera maola 6 ndipo kumasulira ndi kuwerenganso kwatenga maola 4, onse pamodzi maola 10. Pamenepo ola limodzi la mawu ojambulidwa ayenera kulitchaja K50,000, ndipo pamwezi akufunika maola 8 otere. Funso lotsala ndi lakuti kodi anthu asanu aja anatchula mtengo woyandikira pamenepa, ndipo kodi maola 8 angapezeke mwezi ndi mwezi.

Kodi gawo likhoza kuchepa mopitirira muyeso?

Inde, ndipo mungadziwe ngati mwalephera kulemba mayina a mabungwe kapena makampani 20 amene angafune ntchitoyo. Kunena kuti mumangolemba zokambirana za malungo m'Chiyao n'kudzitsekera, chifukwa kafukufuku wotere sabwera mwezi uliwonse. Kulitsani mbali imodzi yokha, monga kuwonjezera Chichewa kapena kulandiranso nkhani za ulimi ndi maphunziro, koma mtundu wa ntchito ukhale womwewo. Kumbukiraninso kuti ntchitoyi imachuluka ofunsa mafunso akangobwerako kumidzi ndipo imachepa nthawi zina, choncho kasitomala mmodzi sakwanira.

Ndilibe kasitomala ngakhale mmodzi. Chitsanzo ndichitenga kuti?

Chipangeni nokha. Mayi wathu angapemphe mnzake kuti akambirane kwa mphindi khumi za mitengo ya feteleza, ajambule mwa chilolezo chake, kenako alembe masamba awiri osonyeza wolankhula, nthawi ndi kumasulira kwake. Asagwiritse ntchito zimene anajambula pa ganyu yakale, chifukwa anthu anayankha mafunsowo atalonjezedwa chinsinsi. Kasitomala akaona dzina la munthu weniweni kapena la mudzi wake m'chitsanzo chanu, adziwa kuti nazonso zake simudzazisunga.

Ndiyambe ndi makasitomala a kuno kapena akunja?

Yambani kumene anthu akukudziwani kale, monga akuluakulu amene anakuyang'anirani pa ntchito zakale, chifukwa iwo safuna umboni wambiri. Akuno angakulipireni kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, koma mabungwe ambiri amafuna invoisi ndi nambala ya msonkho yochokera ku MRA, ndipo amadula msonkho asanakulipireni. Kwa akunja, tsimikizani kaye njira imene ndalama idzafikire m'manja mwanu, ndipo muchotseretu pamtengo gawo limene Upwork kapena Fiverr amatenga.

Ndingazindikire bwanji kasitomala wosalipira?

Wokuuzani kuti muyambe mwalipira ndalama yolembetsera kapena ya maphunziro si kasitomala, ndi wakuba. Chenjeraninso ndi mayeso aatali, chifukwa mphindi zisanu za mawu kapena tsamba limodzi n'zokwanira kuyesa munthu, pamene ola lathunthu ndi ntchito yaulere. Pa Upwork onani ngati njira yolipirira ya kasitomalayo inatsimikizidwa ndiponso ngati analipirapo anthu ena. Kwa kasitomala watsopano wa kuno, gwirizanani molemba za mtengo ndi tsiku lolipira, ndipo ngati ntchito ndi yaikulu pemphani dipoziti.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisananene kuti ndinasankha molakwika?

Dzipatseni miyezi itatu, ndipo muzilemba aliyense amene mwamulembera ndi yankho lake. Ngati palibe amene akuyankha, vuto lingakhale mmene mwadzifotokozera kapena anthu amene mukuwalembera. Ngati akuyankha koma onse akukana mtengo umene mwawerengetsa, ndiye kuti gawolo silingakudyetseni ndipo muyenera kuyesa lachiwiri pamndandanda wanu. Ngati akulipira koma sakubweranso, funsani mmodzi chimene chinalakwika, chifukwa pamenepo vuto lili pa ntchito yanu osati pa msika.

Kodi ndikasankha ndiye kuti ndamangika mpaka kalekale?

Ayi, gawo limasintha potsatira zimene makasitomala olipira akupempha mobwerezabwereza. Ochita kafukufuku atatu akafunsa mayi wathu ngati angamasulirenso mafomu a chilolezo ndi mafunso a kafukufuku, imeneyo ndiyo ntchito yoti awonjezere, poti ogula ake ndi omwewo. Onjezani ntchito imodzi pa nthawi, ndipo muiwerengetse ndi masamu omwe aja musanaiike pa kotesheni.